Dzina la Mndandanda wa Mavidiyo: Phunziro la Nkhuku za Mikolongwe

Ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, kuli famu ya boma ya ziweto yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuswetsa nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp n'kumazigulitsa kwa alimi kuti azizikweranitsa ndi nkhuku zachikuda. Dzina lachizungulo lili m'mabuku a alangizi, koma pakamwa pa anthu silinakhazikike. Kumsika, kumudzi ngakhale m'tauni, anthu amangoti nkhuku za Mikolongwe. Mlimi wa ku Dedza yemwe sanapondeko ku Chiradzulu amazidziwa ndi dzina lomwelo, ndipo akatenga foni kuti afufuze kakweredwe ka mtengo wa chakudya kapena katemera wa nkhukuzi, dzina lomwe amalemba ndi limenelo.

Nkhani ya mutu uno yagona pomwepa. Munthu amene ali ndi tchanelo pa YouTube amatha kusonkhanitsa mavidiyo ake m'magulu, zomwe pafoni zimalembedwa kuti Playlist, ndipo ife tizitcha mndandanda. Mndandanda uliwonse uli ndi dzina lake, malo olembapo mawu oufotokoza, ndi dongosolo la vidiyo yoyamba, yachiwiri mpaka yomaliza. Munthu akayamba kuonera vidiyo ali mkati mwa mndandanda, yotsatira imabwera yokha kuchokera mu mndandanda womwewo. Akaonera vidiyo yomweyo payokha, YouTube ndi imene imamusankhira yotsatira, ndipo nthawi zambiri imakhala ya tchanelo cha munthu wina. Choncho mndandanda ndi chimodzi mwa zida zochepa zomwe mwini tchanelo ali nazo zolamulira chimene woonera aone akamaliza vidiyo yoyamba. Koma chidachi chimagwira ntchito pokhapokha munthu atalowa, ndipo chimene chimamulowetsa ndi dzina.

Chifukwa chake nthawi ndiyo imawerengedwa

YouTube inayamba mu 2005 ndipo Google inaigula mu 2006. Zaka zoyambirira, chomwe chinkakweza vidiyo chinali kuchuluka kwa anthu oidina. Izi zinabala khalidwe loipa: anthu ankaika mitu ndi zithunzi zokopa pa mavidiyo opanda kanthu, woonera n'kudina, n'kuthawa patangopita masekondi ochepa. Mu Okutobala 2012 kampaniyi inalengeza kuti poika mavidiyo pamwamba pa zotsatira za kusaka iziyang'ana nthawi imene anthu akhala akuonera, kuphatikizapo nthawi yomwe munthu amapitiriza kuonera mavidiyo ena akachoka pa yoyambayo. Njira zake zakhala zikusinthasintha kuchokera apo, ndipo kampaniyi siulula kuti chinthu chilichonse chimalemera motani pa sikelo yake, koma nthawi yoonera idakali pakati penipeni. Ngakhale malamulo olowera m'ndondomeko yolandira ndalama za malonda, omwe anakhazikitsidwa mu 2018, amatchula nthawi: olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12.

Kwathu kuno pali chinthu china chomwe mabuku a kunja sachilabadira. Woonera wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe saonera mavidiyo mosawerengera. Wagula bandulo ya TNM kapena ya Airtel, ndipo maso ake ali pawiri, pa vidiyo ndi pa mamegabaiti omwe akutha. Vidiyo yachiwiri ikayamba yokha, chala chake chimakhala chili pafupi kuti aimitse. Amailola kupitirira pokhapokha ngati akudziwa kale kuti ikumupatsa chiyani. Ndiye ntchito ya dzina ndi mawu ofotokoza ili pawiri: kuthandiza makina kuti adziwe mndandandawo ndi wa chiyani, ndi kuuza munthu wosamala ndalama yake chimene apeze akapitiriza. Ine ndimaona kuti ntchito yachiwiriyi ndiyo yaikulu kwa ife, ndipo ndi imene eni matchanelo ambiri amainyalanyaza.

Tchanelo cha chitsanzo

Tiyerekeze mnyamata wa kufupi ndi Mikolongwe amene amaweta nkhuku ndipo wajambula mavidiyo 30 pa foni yake. Mwa amenewa, 14 ndi a nkhuku, 9 ndi a ng'ombe ya mkaka ya makolo ake, ndipo 7 anawajambula ku PIM pa tsiku lokumbukira John Chilembwe. Anapanga mindandanda itatu n'kuitcha "Mavidiyo anga", "Zatsopano" ndi "Ulimi 2".

Maina atatu onsewa ali ndi vuto limodzi: akulankhula ndi mwini tchanelo, osati ndi mlendo. "Mavidiyo anga" ndi a yani kwa munthu amene sakukudziwani? "Zatsopano" limakhala bodza pakatha miyezi itatu. "Ulimi 2" likusonyeza kuti pali "Ulimi 1" kwinakwake, koma silikunena ngati ndi ulimi wa fodya, wa nandolo kapena wa nsomba. Palibe munthu amalemba mawu amenewa posaka, ndipo ngakhale atawaona pa tsamba la tchanelo, palibe chomukokera.

Asanasinthe dzina, mnyamatayu ayambe wagawa bwino katundu wake. Pamsika wa Mbulumbuzi mayi wogulitsa sasakaniza tomato, anyezi ndi kabichi pamulu umodzi, chifukwa wogula amabwera ndi chinthu chimodzi m'mutu. Mavidiyo 14 a nkhuku aja, mukawayang'anitsitsa, akuyankha mafunso awiri osiyana. Asanu ndi atatu ndi a munthu amene akufuna kuyamba kuweta: khola, kugula anapiye, kuwafunditsa, chakudya, mazira, kugulitsa. Asanu ndi limodzi otsalawo ndi a munthu amene nkhuku zake zikudwala lero. Awa ndi anthu awiri. Woyamba ali ndi nthawi, akufuna kuphunzira pang'onopang'ono. Wachiwiri wadzuka n'kupeza nkhuku zitatu zitafa, zina zikusinza mapiko ali pansi, ndipo sangapirire vidiyo ya kamangidwe ka khola. Ndiye pakufunika mindandanda iwiri. Vidiyo imodzi imaloledwa kukhala m'mindandanda ingapo, choncho ya katemera ikhoza kulowa monse muwiri popanda kuikwezanso kachiwiri.

Kupeza mawu omwe anthu amalembadi

Mawu osakira sapekedwa m'mutu. Njira yosavuta, yosafuna ndalama, ndi kutsegula YouTube n'kuyamba kulemba m'bokosi losakira, osamaliza. Mukalemba "nkhuku za" kapena "ulimi wa nkhuku" n'kuima, pansi pamatuluka mawu omwe makina akuganiza kuti mukufuna, ndipo amachokera ku zomwe anthu ena akhala akusaka. M'Chichewa mawu otulukawa amakhala ochepa poyerekeza ndi m'Chingerezi, nthawi zina satuluka n'komwe. Zimenezi zisakufooketseni. Zikutanthauzanso kuti opikisana nanu pa mawuwo ndi ochepa.

Gwero lachiwiri ndi YouTube Studio. Pansi pa Analytics pali gawo losonyeza komwe oonera achokera, ndipo mukatsegula mzere wa YouTube search mumaona mawu enieni omwe anthu analemba asanafike pa mavidiyo anu. Apa m'pomwe munthu amadabwa. Iye anatcha vidiyo yake "Newcastle disease", koma omwe anaipeza mwina analemba "mankhwala a chitopa". Gwero lachitatu ndi makutu: mafunso omwe anthu amafunsa pa WhatsApp, kumsika, kapena kwa alangizi a ziweto. Mawu omwe munthu amafunsira pakamwa ndi omwewo amalemba pafoni.

Chichewa chili ndi zovuta zakezake pa nkhani imeneyi, ndipo ndi bwino kuzidziwa. Choyamba, chinthu chimodzi chimakhala ndi maina awiri malinga ndi dera. Matenda opha nkhuku aja ena amati chitopa, ena amati chideru. Nkhuku zakumudzi ena amati zachikuda, ena zalokolo. Mwini tchanelo wa ku Chiradzulu akangolemba dzina la kwawo lokha, wataya oonera a zigawo zina. Chachiwiri, kalembedwe kamasiyana. Ambiri polemba pafoni sasamala kachizindikiro ka mu "ng'ombe", amangoti "ngombe". Zilembo za l ndi r zimasinthana: Chiradzulu ndi Chiladzulu, chideru ndi chidelu. Chachitatu, mawu athu amasintha thupi. Kuweta, kawetedwe, mungawete, oweta ndi woweta ndi tsinde limodzi kwa ife, koma simungadalire kuti makina awaona ngati mawu amodzi monga amachitira ndi mawu a Chingerezi. N'chifukwa chake m'dzina ndi bwino kuika maina a zinthu omwe sasintha, monga nkhuku, Mikolongwe, chitopa, katemera, ndipo mneni akhale mu maonekedwe ake wamba: kuweta, kukama, kugulitsa.

Kulemba dzina

YouTube imalola dzina la mndandanda kufika zilembo 150, pomwe mutu wa vidiyo umalekera pa 100. Koma pafoni dzina lalitali limadulidwa, munthu n'kungoona chiyambi chake ndi timadontho titatu. Ndiye mawu ofunika kwambiri akhale kutsogolo. Taonani maina awiriwa:

"Takulandirani ku maphunziro athu a mmene mungawetere nkhuku za Mikolongwe"

"Kuweta nkhuku za Mikolongwe: kuyambira anapiye mpaka kugulitsa"

Onse ali ndi mawu osakira ofanana. Koma loyamba likadulidwa limatsala "Takulandirani ku maphunziro athu", lomwe likhoza kukhala la sukulu ya telala kapena ya Baibulo. Lachiwiri likadulidwa limatsalabe ndi nkhuku ndi Mikolongwe. Gawo lake lachiwiri likugwira ntchito ina: likuuza munthu kuti pali ulendo wokhala ndi poyambira ndi pothera, kotero kuti vidiyo imodzi ndi chidutswa chabe. Mawu akuti "kuyambira" ndi "mpaka" ndi amene amachititsa woonera kuyembekezera vidiyo yotsatira asanaione.

Mndandanda wachiwiri ukhoza kutchedwa "Matenda a nkhuku: chitopa, chideru, nthomba ndi katemera". Apa maina awiri a matenda amodzi alowa onse m'dzina chifukwa onse ndi aafupi ndipo aliyense ali ndi anthu ake. Wa ng'ombe ukhoza kukhala "Ng'ombe za mkaka: khola, nsenjere, madeya ndi kukama". Kalembedwe kopanda kachizindikiro kaja musakaike m'dzina, dzina likhale lolembedwa bwino. Malo ake ndi m'mawu ofotokoza, ngati mwaona mu YouTube Studio kuti anthu akulembadi choncho.

Kodi dzina la malo liyenera kukhalamo? Zimatengera. Pa nkhuku, Mikolongwe ndi dzina la mtundu, ndiye n'lofunika. Chiradzulu m'dzina la mndandanda wa matenda a nkhuku sawonjezera kanthu, chifukwa chitopa cha ku Chiradzulu n'chimodzimodzi ndi cha ku Kasungu, ndipo mlimi wa ku Kasungu akhoza kuganiza kuti nkhaniyo si yake. Koma pa mndandanda wa mitengo ya zinthu m'misika, kapena wa malo osonkhanitsira mkaka, dzina la boma ndilo mutu wa nkhani.

Nanga Chingerezi? Amalawi ambiri amasakaniza posaka, ndipo ena okhala ku Joni kapena ku Ulaya amalemba m'Chingerezi ngakhale akufuna kumva Chichewa. Ngati mavidiyo ali m'Chichewa, dzina litsogoze Chichewa. Dzina lachingerezi lokhalokha limaitana anthu a ku Kenya kapena ku Nigeria, omwe amadina, n'kumva chinenero chomwe sakuchidziwa, n'kutuluka nthawi yomweyo. Anthu oterowo amakweza nambala ya odina koma amagwetsa nthawi yoonera. Chiganizo chimodzi cha Chingerezi m'mawu ofotokoza, chonena poyera kuti mavidiyowa ali m'Chichewa, n'chokwanira. Ndi bwinonso kutchula Chinyanja pamenepo, popeza abale athu a ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Tete amatcha chinenerochi ndi dzina limenelo.

Mawu ofotokoza

Malo ofotokozera mndandanda amalandira zilembo 5,000, ndipo eni matchanelo ambiri amawasiya opanda kanthu. Sikofunika kuwadzaza. Pafoni pamaoneka mzere umodzi kapena iwiri yoyamba, zotsalazo munthu amaziona akadina kuti awerenge zambiri. Ndiye chiganizo choyamba chinene za ndani ndi za chiyani, ndipo zina zitsatire. Mnyamata wathu uja akhoza kulemba motere:

```
Mavidiyo 8 a munthu amene akufuna kuyamba kuweta nkhuku za Mikolongwe
pakhomo. Onse pamodzi ndi mphindi 48. Yambani ndi yoyamba.
Muona kumanga khola, kugula ndi kufunditsa anapiye, kusakaniza
chakudya cha madeya ndi soya, katemera wa chitopa kapena chideru,
kusamala mazira ndi kupeza msika.
Mtundu wake ndi Black Australorp, ndipo malangizo ambiri akugwiranso
pa nkhuku zachikuda kapena zalokolo.
Zajambulidwa ku Chiradzulu, m'Chichewa kapena kuti Chinyanja.
```

Taonani zomwe zachitika. Mawu osakira onse alowa, koma aliyense ali m'chiganizo chomwe munthu angawerenge. Dzina la m'mabuku lija, lomwe silinayenere kutsogolera, lapeza malo ake, kuti wophunzira za ziweto amene angalilembe apezenso mndandandawu. Ndipo pali chinthu chomwe ndimachiona chofunika kuposa zonse kwa woonera wa bandulo: chiwerengero cha mavidiyo ndi nthawi yake yonse. Mavidiyo 8 a mphindi 6 iliyonse ndi mphindi 48. Munthu akadziwa zimenezi amatha kukonzekera, kaya aonera atatu lero ndi otsalawo mawa, kaya adikira bandulo ya usiku. Mndandanda wosadziwika kutalika kwake umaopsa. Chofunika kukumbukira n'chakuti mukawonjezera vidiyo yachisanu ndi chinayi, mukonzenso manambalawo.

Pali chizolowezi china chomwe chafala, cholemba mawu ambirimbiri ongondandalika pansi pa mafotokozedwe: maina a oimba otchuka, a matimu a mpira, a andale, poganiza kuti osaka mainawo agwera pa tchanelo. Malamulo a YouTube amaletsa mitu ndi mafotokozedwe osocheretsa, komanso kuunjika mawu osakira m'malo ofotokozera, ndipo tchanelo chikhoza kulandira chenjezo kapena kuchotseredwa zinthu. Ngakhale lamulolo pakanapanda, nzeru yake ndi yolakwika. Wosaka nyimbo akapezeka pa khola la nkhuku sakhalitsa.

Dongosolo liyenera kukwaniritsa zomwe dzina lalonjeza

Dzina likati "kuyambira anapiye mpaka kugulitsa", vidiyo yoyamba isakhale ya kugulitsa. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa mndandanda umatha kudzisanja potengera tsiku lomwe vidiyo inaikidwa, ndipo munthu sajambula motsatira msinkhu wa nkhuku. Amajambula chomwe chachitika tsiku limenelo. Posankha kasanjidwe pali Manual, yomwe imalola kukoka vidiyo iliyonse n'kuiika pomwe mukufuna. Pa mndandanda wophunzitsa, sankhani imeneyo. Dzira limaswa pakatha masiku 21, anapiye amafuna kutentha masabata oyambirira, katemera amabwera matenda asanafike: nkhuku yomwe yakupatsani kale dongosolo.

Pa mndandanda wa matenda dongosolo lake ndi lina. Vidiyo yoyamba ikhale yothandiza munthu kuzindikira chimene chagwa m'khola, chifukwa ndi funso lomwe wabwera nalo. Kenako ya chitopa, yonena zoona zake kuti matendawa alibe mankhwala ochiza ndipo chitetezo chake ndi katemera, monga wa I-2 wodonthezera m'diso, woperekedwa nkhuku zikadali zabwino. Dzina loti "Mankhwala ochiza chitopa" lingakope anthu ambiri, popeza ndi zomwe mlimi wothedwa nzeru amalemba. Koma likhala lonjezo labodza kwa munthu amene ali pamavuto. Mawu akuti mankhwala akhoza kulowa m'mafotokozedwe moona mtima, mwachitsanzo ponena kuti vidiyo yachiwiri ikufotokoza chifukwa chake chitopa sichimva mankhwala. Wosakayo amafikabe, ndipo amachoka ndi chidziwitso cholondola.

Vidiyo yoyamba ili ndi udindo winanso: kawirikawiri chithunzi chake ndicho chimakhala nkhope ya mndandanda wonse, ngati simunasankhe china. Mitu ya mavidiyo nayo ithandizane ndi dzina. Nambala ya gawo iikidwe kumapeto, monga "Kufunditsa anapiye ndi mbaula, gawo 3", chifukwa munthu wopeza vidiyoyo payokha akaona "gawo 3" amadziwa kuti pali ena. Pa kompyuta, m'makonzedwe a mndandanda muli posankha pakuti Set as official series for this playlist. Mukadina pamenepo mukuuza YouTube kuti mavidiyowa ndi oonera motsatizana. Pamafunika tchanelo chotsimikizidwa, mavidiyo akhale anuanu, ndipo vidiyo imodzi singakhale m'mindandanda iwiri ya mtundu umenewu.

Mavidiyo a ku PIM

Mavidiyo 7 aja a ku PIM akuphunzitsa mbali ina. John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900 atabwerako ku America, komwe anapita mu 1897 ndi Joseph Booth. Kuukira kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, pomwe anthu ake anapita ku Magomero, ku esiteti ya A. L. Bruce, n'kupha William Jervis Livingstone. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho, tchalitchi chake chinagwetsedwa, ndipo mishoniyo inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malekebu. Dziko limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Tiyerekeze kuti mwa mavidiyo 7 aja, anayi ndi makwaya akuimba pa mwambo wa chikumbutso, ndipo atatu ndi oyendera malo n'kufotokoza mbiriyi. Mnyamata wathu angakopeke kutcha zonse "Mbiri ya John Chilembwe", podziwa kuti dzinali limasakidwa ndi ana asukulu. Koma mwana wa fomu 3 wofuna zifukwa za kuukira kwa 1915 akakumana ndi kwaya pa vidiyo yachiwiri, amatseka. Atatu a mbiri aja akhale paokha, ndi dzina ngati "Mbiri ya John Chilembwe: PIM, Magomero ndi kuukira kwa 1915", osanjidwa motsatira zaka. Anayi enawo atchedwe chimene ali: "Makwaya a pa tsiku la Chilembwe ku PIM, Chiradzulu", ndi chaka chomwe anajambulidwa. Apa dzina la boma ndi chaka zili ndi ntchito, chifukwa munthu wa kwawo kuno amene ali ku Cape Town akufuna kuona mwambo wa chaka chakutichakuti, mwina kuyang'ana nkhope ya mbale wake mu kwaya. Mndandanda wa mavidiyo atatu si waung'ono mochititsa manyazi. Ndipo popeza chidwi pa nkhaniyi chimakwera mu Januwale, kukonza maina kuchitike mu Disembala, kuti tsikulo lizifika zonse zili m'malo.

Kulowetsa anthu pakhomo loyenera

Kusaka si khomo lokhalo, ndipo kwa matchanelo ang'onoang'ono a kwathu nthawi zambiri si lalikulu. Mindandanda imatuluka pa zotsatira za kusaka, koma mavidiyo apaokha ndi amene amadzaza tsamba. Oonera ambiri oyamba amabwera kudzera pa linki yotumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo apa pali kanthu kakang'ono komwe kamasintha zambiri. Taonani malinki awiriwa:

```
https://www.youtube.com/watch?v=NAMBALA_YA_VIDIYO
https://www.youtube.com/watch?v=NAMBALA_YA_VIDIYO&list=NAMBALA_YA_MNDANDANDA
```

Yoyamba imatsegula vidiyo payokha. Yachiwiri imatsegula vidiyo yomweyo ili mkati mwa mndandanda, dzina la mndandanda likuoneka pansi pake ndipo yotsatira ikudikira. Musanatumize linki ku gulu la alimi, yang'anani ngati muli `list=`. Kumapeto kwa vidiyo kulinso mwayi: End screen imalola kuika chithunzi cha mndandanda m'masekondi 5 mpaka 20 omaliza, bola vidiyo ikhale ya masekondi 25 kapena kuposa. Pamenepo mutchule dzina la mndandanda ndi pakamwa, monga momwe lalembedwera, kuti chimene munthu wamva chifanane ndi chimene akuona. Tsamba loyamba la tchanelo nalo limalola kuyala zigawo mpaka 12, ndipo dzina la mndandanda limasanduka mutu wa chigawocho.

Chinthu china chophweka chomwe chimagwetsa anthu ndi kuoneka kwa mndandanda. Pali Public, Unlisted ndi Private. Wa Private umaoneka kwa mwini wake, wa Unlisted umatsegulidwa ndi amene ali ndi linki koma sutuluka posaka. Munthu amatha kulemba dzina labwino ndi mafotokozedwe okoma pa mndandanda womwe palibe angaupeze. Njira yoyesera ndi kubwereka foni ya mnzanu n'kusaka dzinalo.

Kuwerenga zotsatira

Mu YouTube Studio muli manambala a mndandanda uliwonse. Awiri ndi okwanira poyamba. Playlist starts imanena kangati anthu anayamba kuonera mndandandawo. Views per playlist start imanena mavidiyo angati, mwa avereji, omwe amaonedwa munthu akayamba. Manambala awiriwa amaloza matenda osiyana. Oyamba akakhala ochepa, vuto lili pakhomo: dzina silikupezeka, silikukopa, kapena malinki akutumizidwa opanda mndandanda. Oyamba akakhala ambiri koma nambala yachiwiri ili pafupi ndi 1, anthu akulowa n'kutuluka, ndiye kuti dzina likulonjeza zina, kapena vidiyo yachiwiri siyikutsatira yoyamba.

Tiyeseze ndi manambala ongoyerekeza. Mwezi wina mndandanda wa "Ulimi 2" unayambidwa ka 200 ndipo mavidiyo oonedwa mkati mwake anali 260. Kugawa 260 ndi 200 kukupereka 1.3, kutanthauza kuti ambiri anathera pa vidiyo yoyamba. Atagawa mavidiyo, kusintha dzina ndi kusanja, tinene kuti oyamba akadali 200 koma oonedwa afika 520, ndiye kuti 2.6. Ngati munthu amaonera mphindi 4 pa vidiyo iliyonse, nthawi yachoka pa mphindi 1,040 kufika pa 2,080, popanda kujambula vidiyo yatsopano ngakhale imodzi. Kenako yang'anani vidiyo yomwe anthu ambiri akutulukirapo. Ikakhala yachitatu nthawi zonse, mwina mawu ake samveka chifukwa cha mphepo, mwina ikubwereza zomwe yachiwiri yanena kale, mwina ili pamalo olakwika. Dzina silingachize vidiyo yoteroyo. Yofunika kuisuntha, kuichotsa mu mndandanda kapena kuijambulanso.

Pa tchanelo chaching'ono manambala amadumphadumpha. Anthu khumi a pagulu limodzi la WhatsApp akhoza kusintha chithunzi cha sabata yonse, ndipo nyengo nayo imalowererapo: mafunso a chitopa amachuluka pomwe matendawa abuka m'midzi, kaya dzina lasintha kaya ayi. Choncho sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, lembani tsiku lomwe mwasinthira m'kope, ndipo mudikire masiku 28, omwe ndi nthawi imene YouTube Studio imaonetsa mukangoitsegula, musanayerekeze ndi masiku 28 am'mbuyo. Kusintha dzina la mndandanda sikusintha linki yake, ndiye malinki omwe munatumiza kale m'magulu amagwirabe ntchito.